Ana angati, kwa zaka zingati? Masamu amene amatsogolera kafukufuku wa nkhawa za achinyamata

M'chaka cha 2001, ofufuza a kumpoto kwa dziko la Netherlands analemba ana 2,230 a zaka pafupifupi 11 m'kafukufuku wotchedwa TRAILS. Anawafunsa za moyo wawo, kuphatikizapo za nkhawa, koma sanatsanzike pomwepo. Anabwereranso kwa ana omwewo ali ndi zaka pakati pa 13 ndi 14, n'kubwereranso atafika zaka 16. Zotsatira za maulendo atatuwa zitasindikizidwa mu 2009, zinaonetsa kuti zizindikiro za nkhawa zinayamba zatsika kumayambiriro kwa unyamata, kenako zinakweranso anawo akusinkhuka, ndipo atsikana ankakhala pamwamba pa anyamata.

Palibe akanaona kutsika ndi kukwera kumeneku pofunsa ana tsiku limodzi lokha. Munthu atha kufunsa ana a zaka 11 ndi ena a zaka 16 m'sabata imodzi n'kuyerekeza mayankho awo, koma amakhala akuyerekeza ana osiyana, okulira m'makomo osiyana. Kuti adziwe mmene nkhawa imasinthira mwa mwana mmodzi, ayenera kumutsata mwanayo kwa zaka.

Kutsata ana kwa zaka n'kodula, ndipo cholakwika cha tsiku loyamba chimadzaoneka patapita zaka zinayi, ndalama zitatha ndiponso ana atabalalika. N'chifukwa chake ofufuza osamala amalemba zinthu ziwiri asanafunse mwana ndi mmodzi yemwe. Choyamba ndi chiwerengero cha ana ofunika kuti kafukufuku akhale ndi mphamvu yoona chimene akufunafuna. Chachiwiri ndi pulani ya masamu amene adzagwiritse ntchito pounika mayankho, amene pa kafukufuku wotere amakhala modelo yosakaniza. Ziwirizi sizisiyana: chiwerengero cha ana chimachokera mu modelo, ndipo amene wawerengera ana ndi njira ina n'kudzaunika mayankho ndi njira inanso wadzinamiza yekha.

Funso limodzi, muyezo umodzi

Tiyerekeze gulu la ofufuza limene likufuna kutsata ophunzira a sekondale kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, kuwafunsa kamodzi pachaka. Manambala a m'chitsanzochi ndi ongoyerekeza, oikidwa kuti masamu aoneke bwino, koma njira yake ndi imene ofufuza amatsatadi.

Kunena kuti "tikufuna kumvetsa nkhawa za achinyamata" sikungawerengeredwe ana. Funso liyenera kuchepetsedwa mpaka litakhala nambala imodzi. Gululi lasankha ili: kodi nkhawa ya atsikana imakwera mofulumira kuposa ya anyamata pa zaka zimenezi, ndipo imakwera mopitirira ndi mapointsi angati pachaka?

Mapointsiwo amachokera pa pepala la mafunso. Limodzi lodziwika kwambiri ndi GAD-7, limene Robert Spitzer ndi anzake anatulutsa mu 2006. Lili ndi mafunso 7 okhudza masabata awiri apitawa, monga kulephera kuletsa maganizo odandaula kapena kusowa mtendere mpaka osakhazikika. Funso lililonse limapatsidwa 0, 1, 2 kapena 3, kotero mapointsi onse amayambira pa 0 kulekeza pa 21. Malire ake ozolowereka ndi 5 pa nkhawa yochepa, 10 pa yapakatikati ndi 15 pa yaikulu. Pepalali linakonzedwera anthu akuluakulu obwera kuchipatala, choncho ofuna kuligwiritsa ntchito pa ana a zaka 13, kapena m'chinenero china, ayenera kuyamba aona ngati anawo akumva mafunso mmene akufunikira kumvekera. A TRAILS anagwiritsa ntchito pepala lina, RCADS, lokonzedwera ana. M'chitsanzo chathu tikhala pa GAD-7 chifukwa mapointsi ake ndi osavuta kuwatsata.

Tsopano pabwera chisankho chimene masamu sangapange: kusiyana kochepetsetsa kumene kuli koyenera kukupeza n'kotani? Gululi lakambirana ndi aphunzitsi ndi anamwino n'kugwirizana pa theka la pointi pachaka. Pa zaka zitatu za pakati pa Fomu 1 ndi Fomu 4, theka limeneli limasonkhana n'kukhala pointi imodzi ndi theka. Kwa mtsikana mmodzi n'zochepa, koma gulu lonse likasunthira m'mwamba chotero, ambiri amene anali pa 9 amadutsa malire a 10.

Mphamvu ya kafukufuku ndi mwayi woti, ngati kusiyanako kulipodi, kafukufukuyo akuone. Mwambo wa ofufuza ndi kufuna mwayi wa 80 pa 100, ena 90, kwinaku akulola mwayi wa 5 pa 100 wonena kuti kusiyana kulipo pamene palibe. Katswiri wa za maganizo wa ku America, Jacob Cohen, ndiye anakakamira nkhaniyi. Mu 1962 anaunika malipoti 70 a kafukufuku osindikizidwa m'magazini ina ya akatswiri, n'kupeza kuti mwayi wawo woona kusiyana kwa msinkhu wapakatikati unali pafupifupi theka basi. Ofufuza ambiri ankagwira ntchito miyezi yambiri pa kafukufuku amene akanaphonya choonadi kamodzi pa maulendo awiri alionse.

Mzere wa onse ndi mzere wa mwana

Mayi aliyense amene anapitapo ndi mwana kusikelo amalidziwa khadi lokhala ndi mizere. Pali mzere wosindikizidwa kale, woonetsa mmene ana ambiri amakulira, ndipo pali timadontho ta mwana wakeyo, timene timapanga mzere wakewake, mwina pamwamba, mwina pansi, mwina wokwera mofulumira. Kadontho kamodzi katha kugwa pansi chifukwa mwana anatsekula m'mimba sabata imeneyo, popanda mzere wake kusintha. Modelo yosakaniza imaganiza chimodzimodzi. Imatchedwa yosakaniza chifukwa imaphatikiza mbali ziwiri: mbali ya onse, imene ndi mzere wa gulu, ndi mbali ya aliyense, imene ndi mmene mwana uyu wapatukira pa mzerewo, poyambira pake ndi liwiro lake. Chotsala ndi phokoso la tsikulo. Nan Laird ndi James Ware ndiwo anaiyala njirayi mwadongosolo mu 1982, ndipo lero ili m'mapulogalamu onse akuluakulu a masamu a kafukufuku.

Kusiyanitsa mbali zimenezi n'kofunika chifukwa mayankho anayi a mwana mmodzi si mboni zinayi. Mtsikana amene anali ndi nkhawa yaikulu mu Fomu 1 nthawi zambiri amakhalanso pamwamba mu Fomu 2. Wofufuza amene angatenge ana 350, kuchulukitsa ndi maulendo anayi, n'kuwerenga ngati ali ndi anthu 1,400 osadziwana, ndiye kuti masamu ake a kukayika asokonekera. Modelo yosakaniza imadziwa kuti mayankho awa ndi a mwana uyu, awo ndi a uyo.

Mu pulogalamu ya R, pogwiritsa ntchito phukusi lotchedwa lme4, pulani yonse ya gululi imakwana mu mzere umodzi:

```
lmer(nkhawa ~ chaka * mtsikana + (1 + chaka | mwana) + (1 | sukulu), data = d)
```

Apa `chaka` ndi 0, 1, 2 kapena 3, kuwerengera kuchokera mu Fomu 1, ndipo `mtsikana` ndi 1 kwa atsikana, 0 kwa anyamata. Zimene zili kunja kwa mabulaketi ndi mbali ya onse. Zimene zili m'mabulaketi oyamba zikuuza kompyuta kuti mwana aliyense akhale ndi poyambira pake ndi liwiro lake, ndipo achiwiriwo akuti sukulu iliyonse ikhale ndi poyambira pake. Yankho la funso la gululi lidzatuluka pa mzere wolembedwa `chaka:mtsikana`. Nambala imeneyo ndiyo kusiyana kwa liwiro pakati pa atsikana ndi anyamata, ndipo ndiyo yokhayo imene ana akuwerengeredwa.

Ena amasiya `chaka` m'mabulaketi oyamba aja, n'kulemba `(1 | mwana)` basi. Potero akunena kuti atsikana onse amasintha pa liwiro limodzi, ndi anyamata onsenso chimodzimodzi, zimene aliyense wodziwa achinyamata sangavomere. Kompyuta sikana. Imangotulutsa yankho looneka lotsimikizika kuposa mmene liliri, ndipo kusiyana kongochitika mwamwayi kumaoneka ngati kwenikweni.

Kuwerengera anawo

Kuti chiwerengero chipezeke pafunika manambala ena awiri, ndipo onse ayenera kubwerekedwa kwa ofufuza amene anatsatapo ana ofanana ndi awa. Yoyamba ndi kukula kwa phokoso: mapointsi a mwana amalumphalumpha motani pamwamba ndi pansi pa mzere wake? Gululi laika mapointsi 3. Yachiwiri ndi kusiyana kwa liwiro pakati pa ana a gulu limodzi: laika pointi imodzi pachaka, kutanthauza kuti ana ambiri ali m'kati mwa pointi imodzi kuchokera pa liwiro la gulu lawo.

Palinso nambala ina imene siibwerekedwa, chifukwa imachokera pa kalendala ya kafukufuku. Imaonetsa mmene maulendo atalikiranirana. Pa zaka 0, 1, 2 ndi 3, pakati pake ndi 1.5. Mtunda wa chaka chilichonse kuchokera pakatipo umachulukitsidwa ndi mtunda womwewo: 2.25, 0.25, 0.25 ndi 2.25. Zonse pamodzi ndi 5. Nambalayi ikakula, phokoso limachepa mphamvu, chifukwa limagawidwa ndi iyo.

```
kukayika = 1^2 + 3^2 / 5 = 2.8
n = 2 * (1.96 + 0.84)^2 * 2.8 / 0.5^2 = 175.6
```

Nambala za 1.96 ndi 0.84 zikuimira malire aja a 5 pa 100 ndi mphamvu ya 80 pa 100. Yankho ndi atsikana 176 ndi anyamata 176, onse pamodzi 352, ofunsidwa maulendo onse anayi.

Ubwino wa kasamu kameneka uli pa kukasinthasintha. Gululi litati lifupikitse kafukufuku, kuima mu Fomu 3 ndi maulendo atatu okha, nambala ya kalendala ija imatsika kuchoka pa 5 kufika pa 2, ndipo ana ofunika amakwera kufika pa 345 mbali iliyonse. Kudula chaka chimodzi kwatsala pang'ono kuwirikiza ana kawiri. Litati liziwafunsa kawiri pachaka pa zaka zitatu zomwezo, maulendo 7, nambala ija imangokwera kufika pa 7 ndipo ana amatsika pang'ono chabe, kufika pa 144. Koma kuwonjezera chaka chimodzi kumapeto, maulendo asanu, kumaikweza kufika pa 10, ana n'kutsika kufika pa 120. Pofuna kuyeza liwiro, kutalika kwa nthawi kumathandiza kwambiri kuposa kuchuluka kwa maulendo. Ndipo pali pansi pamene sipangapitirirke: ngakhale atamafunsa ana tsiku ndi tsiku, sangatsike kupyola 63 mbali iliyonse, chifukwa kusiyana kwenikweni kwa mwana ndi mnzake sikufufutika ndi kufunsa kawirikawiri.

Nambala yoopsa kwambiri ndi theka la pointi lija. Kusiyana kofunidwa kukachepa ndi theka, kukhala kota ya pointi pachaka, ana ofunika amachuluka kanayi, kupitirira 1,400. Apa ndi pamene mayesero amabwera. Ndalama zikakwana ana 100 okha, n'kosavuta kutembenuza masamu, kulemba kuti akuyembekezera kusiyana kwa pointi yathunthu pachaka, kuti chiwerengero chigwirizane ndi bajeti. Pepala limaoneka bwino, komiti yoona za kafukufuku mwina n'kuvomereza, koma choonadi cha nkhawa za ana sichisintha chifukwa cha bajeti.

Onani zimene zingachitike ndi ana 100 amenewo ngati kusiyana kwenikweni kuli theka la pointi. Mwayi woti akuone uli pafupifupi 32 pa 100. Pa maulendo awiri mwa atatu, lipoti lidzati palibe umboni woti atsikana ndi anyamata amasiyana, ndipo ambiri adzawerenga ngati akuti n'chimodzimodzi. Ulendo wachitatuwo ulinso ndi vuto lake. Ndi ana ochepa chotero, masamu savomereza kusiyana kulikonse kochepera 0.66. Choncho nthawi iliyonse imene kafukufuku wamng'onoyu "wapeza" kanthu, nambala yake imakhala yoposa yeniyeni. Gulu lina likadzabwereka nambala yokokomezayo powerengera ana ake, nalonso lidzalemba ana ochepa. Pa chifukwa chomwechi, kafukufuku woyeserera wa ana 30 kapena 40 ndi wabwino poona ngati mafunso akumveka ndi ngati makolo akubweza makalata a chilolezo, koma si gwero labwino la kusiyana koyembekezera.

Manambala obwereka aja nawonso sali otsimikizika. Ngati kusiyana kwa liwiro pakati pa ana kuli 1.5 osati 1, ofunika ndi 254 mbali iliyonse. Pulani yabwino siionetsa chiwerengero chimodzi ngati kuti chagwa kumwamba. Imaonetsa tebulo la zingapo, ndi chifukwa chimene asankhira chimodzi.

Sukulu, ndi ana osabweranso

Ana sapezeka mmodzimmodzi. Amalembedwa kusukulu, ndipo a sukulu imodzi amafanana: mphunzitsi wamkulu ndi mmodzi, malamulo ndi amodzi, mtunda wopita kusukulu ndi wofananako. Kufanana kumeneku kumakhudza chiwerengero kapena ayi malinga ndi funso. Pa funso la atsikana ndi anyamata m'sukulu zosakaniza, sikuvuta kwenikweni, chifukwa m'sukulu iliyonse muli magulu onse awiri, ndipo zimene sukulu yachita kwa onse zimafafanizika poyerekeza.

Zinthu zimasintha ngati choyerekezedwa chili cha sukulu yonse, monga sukulu zogonera konko ndi zoyendera, kapena sukulu zolandira maphunziro ena othandiza pa nkhawa ndi zosalandira. Pamenepo mboni zenizeni ndi sukuluzo. Ana 352 aja amachulukitsidwa ndi nambala yochokera pa zinthu ziwiri: ana angati pa sukulu, ndi gawo lanji la kusiyana kwa liwiro limene limabwera chifukwa cha sukulu. Tiyerekeze ana 30 pa sukulu ndi gawo la 3 pa 100.

```
1 + (30 - 1) * 0.03 = 1.87
352 * 1.87 = 658
```

Gawo looneka laling'onolo lakweza ana kufika pa 658, m'sukulu 22. Wina atha kunena kuti kuyendera sukulu 22 n'kowononga mafuta, bwanji osatenga ana 60 pa sukulu iliyonse? Masamu omwewo amapereka 2.77, ana 975, ndipo sukulu zimangotsika kufika pa 17. Ana awonjezeka ndi oposa 300 kuti sukulu zisanu zokha zichoke. Mwana wa 31 pa sukulu yomweyo amabweretsa zatsopano zochepa kuposa mwana woyamba pa sukulu yatsopano. N'chifukwa chake kafukufuku wa MYRIAD ku Britain, amene anayesa maphunziro a kukhazika maganizo m'kalasi, anafunika sukulu 84 ndi ophunzira oposa 8,000. Zotsatira zake mu 2022 zinaonetsa kuti maphunzirowo sanapose kaphunzitsidwe ka nthawi zonse, ndipo yankho lakuti "ayi" linali lodalirika chifukwa cha kukula kwa kafukufukuyo. Pa funso la mtundu umenewu modelo nayo iyenera kusintha, mabulaketi achiwiri aja kukhala `(1 + chaka | sukulu)`, ndipo popeza sukulu 22 n'zochepa, nzeru ndi kuwonjezera imodzi mbali iliyonse.

Tibwerere ku funso la atsikana ndi anyamata. Ana 352 ndi amene ayenera kufika kumapeto, koma ana amasamuka, amasiya sukulu, amadwala pa tsiku la mafunso, kapena amangotopa nazo. TRAILS, ndi dongosolo lake lonse, inapezanso ana 96 pa 100 alionse pa ulendo wachiwiri ndi 81 pa wachitatu. Gulu lathu likayembekezera kutaya ana 20 pa 100, ligawe 352 ndi 0.8, n'kulemba ana 440. Kungowonjezera 20 pa 100 pamwamba pa 352 n'kulakwitsa kofala: kumapereka 422, ndipo akachoka 20 pa 100 a amenewo amatsala 338.

Modelo yosakaniza imathandiza kwambiri pano, chifukwa siitaya mwana amene anaphonya ulendo umodzi. Amene anayankha katatu amawerengedwa ndi mayankho ake atatu. Amene anayankha kamodzi amathandizabe poyeza poyambira, ndipo mzere wake umakokeredwa ku mzere wa gulu chifukwa umboni wake ndi wochepa. Koma pali malire. Modelo imapereka yankho loona ngati kuchoka kwa mwana kungalongosoleke ndi zimene zinayezedwa kale. Ngati ana amene anali ndi mapointsi ambiri mu Fomu 2 ndiwo akusowa mu Fomu 3, modelo imakonza, chifukwa mapointsi a Fomu 2 iwo ikuwadziwa. Koma mtsikana amene anali bwinobwino mu Fomu 2, kenako n'kutenga pakati kapena kusowa fizi, nkhawa n'kumukwera, n'kusiya sukulu asanafunsidwenso, wachoka ndi nambala imene palibe anaiona. Atsikana otere akachuluka, mzere wa atsikana udzaoneka wogona kuposa mmene uliri, ndipo kafukufuku adzachepetsa vuto la ana enieni amene anakhazikitsidwira.

Kuwonjezera ana sikuchiza zimenezi. Chimene pulani ingachite ndi kuika ndalama zowatsata kunyumba amene asiya sukulu, kulemba chifukwa chimene aliyense wachokera, ndi kulonjeza kubwereza masamu mongoyesa: bwanji ngati ochokawo anali ndi mapointsi awiri kuposa mmene modelo ikuwaganizira, nanga atatu, nanga anayi? Ngati yankho likugwa pa mapointsi awiri okha, owerenga ayenera kuuzidwa.

Kuyeserera pa kompyuta

Masamu a pamanja aja amaganiza kuti mwana aliyense wafunsidwa kanayi, pa nthawi yake, ndiponso kuti nkhawa imayenda mu mzere wowongoka. TRAILS yomwe ija inaonetsa kuti mzerewo utha kupindika, kutsika kaye kenako kukwera. Mzere wowongoka woikidwa pa chinthu chotere umatuluka wogona, ngati kuti palibe chasintha. Maulendo awiri sangaonetse kupindika n'komwe, atatu amangokuonetsa movutikira, ndipo anayi amapereka mpata wokuyeza. Pulani iyenera kunena pasadakhale ngati idzayesa mzere wopindika, ndi chimene chidzaipangitse kuusankha.

Kalendala ya sukulu nayo imalowerera. Ana akafunsidwa m'teremu yoyamba mu Fomu 1 koma m'teremu yomaliza mu Fomu 4, mayeso a MSCE ali pakhomo, kukwera kwa mapointsi kudzakhala kwa mayeso osati kwa msinkhu. GAD-7 imafunsa za masabata awiri okha, choncho mwezi wofunsira uyenera kukhala womwewo chaka chilichonse.

Zovuta zotere zilibe kasamu kachidule, ndiye ofufuza amayeserera kafukufuku wonse pa kompyuta. Amapanga ana 440 abodza, aliyense ndi poyambira pake, liwiro lake ndi phokoso lake, motsatira manambala osankhidwa aja, ndi kusiyana kwa theka la pointi kutabisidwa m'katimo. Amafufuta mayankho ena motsanzira mmene ana amachokera, ambiri mwa iwo a mapointsi okwera. Amayendetsa modelo yomwe ija n'kuona ngati yakupeza kusiyanako. Kenako amabwereza ndi ana ena abodza, maulendo 1,000. Ikakupeza pa maulendo 800, mphamvu ndi 80 pa 100. Phukusi la simr, limene Peter Green ndi Catriona MacLeod analongosola mu 2016, limachita kubwerezako pa modelo za lme4:

```
powerSim(modelo, test = fixed("chaka:mtsikana", "z"), nsim = 1000)
```

Chiwerengero cha maulendo obwereza chili ndi tanthauzo. Pa maulendo 1,000, yankho la 80 litha kusokera ndi 2.5 mbali iliyonse. Pa maulendo 100 okha litha kusokera ndi 8, kotero kafukufuku wa mphamvu ya 72 atha kuoneka ngati wakwana.

Kuyeserera kumaululanso mavuto amene akanadikira mpaka chaka chachinayi. Limodzi ndi la pansi pa muyezo. Ana ambiri amapeza mapointsi ochepa pa GAD-7, ndipo palibe angatsike kupyola 0, pamene ana abodza a pa kompyuta atha kupeza -2. Akawakankhira onse otere pa 0, monga zimakhalira pa pepala lenileni, mphamvu nthawi zambiri imatsika. Lina ndi uthenga umene lme4 imalemba ikalephera kusiyanitsa mbali zina za modelo:

```
boundary (singular) fit: see help('isSingular')
```

Uthengawu umatanthauza kuti modelo yafunsidwa zambiri kuposa zimene mayankho angapereke. Kawirikawiri kusiyana kwa sukulu kwatuluka 0, kapena mgwirizano wa poyambira ndi liwiro watuluka 1 kapena -1 ndendende. Ukamatuluka pafupipafupi pa ana abodza, udzatulukanso pa ana enieni. Apa pulani iyenera kulemba ndondomeko yopepukitsira modelo: choyamba kuchotsa mgwirizano wa poyambira ndi liwiro, kenako mbali ya sukulu ngati ilidi 0, koma liwiro la mwana aliyense likhale lomaliza kukhudzidwa, popeza funso lonse latsamira pa ilo.

Zonsezi zimalembedwa ndi kusungidwa poyera, ndi deti lake, mayankho oyamba asanaonedwe. Malo ngati OSF, amene anthu amasungako mapulani a kafukufuku pa intaneti, alipo chifukwa cha zimenezi. Popanda pulani yolembedwa, wofufuza wa mtima wabwino atha kuyesa mzere wowongoka, wopindika, kuchotsa sukulu ina, kugawa ana m'magulu a misinkhu, mpaka china chake chitatuluka. Akayesa mafunso 20 osakhudzana pa malire a 5 pa 100, pamene palibe kusiyana kulikonse, mwayi woti limodzi lioneke ngati lapeza kanthu umafika pa 64 pa 100. Pulani ya gulu lathu imatchula funso limodzi lalikulu, mzere wa `chaka:mtsikana`, ndipo ena onse, monga a ana amasiye kapena a mtunda wa kusukulu, imawalemba padera ngati ongofufuzira, amene ana 440 sanawerengeredwe.

Mu lipoti lomaliza, chofunika kulembedwa ndi nambala ya kusiyanako pamodzi ndi malire ake. Ndi ana 176 mbali iliyonse, malirewo amakhala pafupifupi 0.35 pamwamba ndi pansi. Kusiyana kukatuluka 0.4, lipoti lidzati kuli pakati pa 0.05 ndi 0.75 pachaka. Kukatuluka 0.1, lidzati kuli pakati pa -0.25 ndi 0.45, ndipo pamenepo ofufuza angathe kunena kuti theka la pointi limene anagwirizana ndi aphunzitsi ndi anamwino lija lili kunja kwa malirewo.